Nthawi yoika malonda pa foni: yambani ndi ola limene kasitomala amasankha zogula

Ochita malonda ambiri amaika zithunzi za katundu wawo pa Facebook kapena pa WhatsApp nthawi imene iwo eni apeza mpata. Koma munthu wa mu ofesi tsiku lake limayenda motsatira wotchi ya abwana. Foni amaigwira momasuka ali m'minibasi m'mawa, pa nthawi ya nkhomaliro, pobwerera kunyumba, ndi madzulo atadya. Ndiye funso loyamba lisakhale lakuti anthu ambiri amakhala pa foni nthawi yanji. Dzifunseni kuti kasitomala wanu amasankha zogula ola liti, kenako muwerenge chobwerera m'mbuyo.

Tiyerekeze mayi amene amaphika nkhomaliro n'kukapereka m'maofesi a ku City Centre ndi ku Capital Hill mumzinda wa Lilongwe. Chakudya chiyenera kufika 12 koloko isanakwane. Kuti apakire bwino ndi kutuma wa njinga yamoto, afunika kudziwa chiwerengero cha mbale pofika 10:30. Choncho chithunzi cha chakudya cha tsikulo achiike cha m'ma 6:30 m'mawa, anthu ali pa ulendo wa kuntchito, ndipo akumbutsenso cha m'ma 9:30, pamene njala yayamba kunong'oneza koma munthu asanapangane ndi anzake kokadya. Akaika 12:15, oona adzachuluka chifukwa aliyense ali pa foni, koma ogula sadzapezeka, poti onsewo akuyang'ana chithunzicho nsima ili kale m'manja.

Ola lomwelo la nkhomaliro ndi labwino kwa wogulitsa nsapato, malaya kapena zikwama, chifukwa munthu amakhala ndi mpata woyang'anitsitsa, kufunsa saizi ndi kuonetsa mnzake wa pa desiki. Katundu wodula ngati mipando kapena firiji amayenera madzulo, kuyambira 7 koloko mpaka 9 koloko, pamene wogula angakambirane ndi akunyumba kwake.

Masiku nawo amasiyana. Lolemba m'mawa maofesi ambiri amakhala pa misonkhano, choncho uthenga wofuna kuwerenga modekha udikire Lachiwiri kapena Lachitatu. Zogwiritsa ntchito Loweruka, monga keke kapena zovala za ku ukwati, zilengezedwe Lachitatu kapena Lachinayi, chifukwa pofika Lachisanu masana anthu amakhala atakonza kale mapulani, ndipo ena ataweruka. Koposa zonse, kumbukirani kuti wa mu ofesi amadikira malipiro a kutha kwa mwezi. Katundu wodula muonetseni kutatsala sabata imodzi kuti anthu alandire, kuti alowe mu bajeti ndalama zisanagawidwe ku lendi, sukulu fizi ndi ngongole. Pakati pa mwezi, matumba atapepuka, onetsani zotsika mtengo.

Maola amenewa ndi poyambira chabe, ndipo ayenera kuyesedwa. Mayi uja asankhe nthawi ziwiri, 6:30 ndi 8 koloko, n'kumazisinthanitsa kwa milungu inayi. Lachiwiri lino aike 6:30, Lachiwiri linalo 8 koloko, ndiwo ndi mtengo zikhale zomwezo. M'kope alembe tsiku, ola, anthu amene aona ndi mbale zimene zagulidwa. Ngati 8 koloko yabweretsa oona 140 ndi mbale 9, pamene 6:30 yabweretsa oona 100 ndi mbale 16, nthawi yabwino ndi 6:30, chifukwa chimene chimalowa m'thumba ndi mbale. Asayerekeze sabata ya malipiro ndi ya pakati pa mwezi, kuopa kuyamikira ola pa zimene zachitika chifukwa cha ndalama. N'chifukwa chake ndi bwino kubwereza mwezi wotsatira atatembenuza ndondomekoyo.

Zizindikiro za nthawi yolakwika sizivuta kuona. Mauthenga akamafika mochedwa ofunsa kuti "Chatsalako?", ndiye kuti mukuika mochedwa. Anthu akamayankha kuti "Ndikuuzani" osabweranso, mwina mwafulumira, ndipo pafunika chikumbutso pafupi ndi ola losankha.

Dziwaninso kuti Facebook sionetsa zinthu motsatira nthawi imene zaikidwa, moti chithunzi cha m'mawa wina angachione madzulo kapena mawa lake. Status ya pa WhatsApp imakhala maola 24, choncho chakudya cha dzulo chingasokoneze wa lero mukapanda kuchichotsa. Lembani tsiku ndi ola lotsekera maoda pa chithunzi pomwepo. Amene ali ndi tsamba la bizinesi angakonzeretu zoika pogwiritsa ntchito Meta Business Suite, kuti zituluke zokha iye ali pamoto. Komabe sankhani ola limene pali munthu woyankha mauthenga, chifukwa wa mu ofesi akafunsa mtengo amakhala ndi mphindi zochepa asanabwerere ku ntchito, ndipo akapanda kuyankhidwa amagula kwina.