MWALA WA KU NCHANGA UNAULULA ZAKA ZAKE

PANSI pa mgodi wa mkuwa wa Nchanga, m'tauni ya Chingola, pagona thanthwe lalikulu lofiirira la mtundu wa gilaniti. Pamwamba pa thanthwelo panayalana miyala ina imene kale inali mcenga ndi matope a m'madzi, ndipo m'miyala ya pamwambayi ndimo mupezeka mkuwa. Akatswiri a za miyala anafuna kwa nthawi yaitali kudziwa zaka za thanthwe la pansilo, pakuti mcenga sungayalidwe pa cinthu cimene kulibe. Wodziwa zaka za gilanitiyo wadziwanso kuti miyala ya mkuwa siingapose zaka zimenezo, ndipo ofufuza migodi yatsopano adziwa msinkhu wa miyala yoyenera kuilondola.

M'caka ca 2005 Bambo Richard Armstrong ndi anzao anafalitsa yankho lao: thanthwelo linauma zaka 883 miliyoni zapitazo, ndipo cowerengero cao cingaphonye ndi zaka 10 miliyoni kutsogolo kapena kumbuyo. Koma tizidutswa tonyezimira ta maika ta m'miyala ya m'cigawo comweco ca migodi, tikapimidwa mwa njira ina, tipereka zaka pafupi-fupi 500 miliyoni cabe. Ziwerengero zonse ziwiri nzoona, koma zisimba zinthu zosiyana.

KOLOKO YA MTOVU

Zinthu zonse zinapangidwa ndi tinthu tating'ono kwambiri tochedwa maatomu. Maatomu ambiri akhala monga momwe alili mpaka kale-kale, koma ena asanduka okha nakhala cinthu cina. Yureniyamu ndi mmodzi wa otere: pang'ono-pang'ono asanduka mtovu, citsulo colemera cija cinali kukumbidwa ku Kabwe. Kusandukaku kuli ndi lamulo lake. Mwa maatomu 1,000 a yureniyamu wa mtundu wochedwa 238, theka lisanduka mtovu m'zaka 4,468 miliyoni, natsala 500. Pakapitanso zaka zomwezo atsala 250. Moto kapena kulemera kwa phiri sizifulumiza kusandukaku, ndipo kuzizira sikukucedwetsa. Cotero munthu amene awerenga yureniyamu wotsala ndi mtovu wobadwa angathe kudziwa zaka zimene zapita.

Komabe kuwerengako kuli ndi phindu pokha-pokha zinthu ziwiri zikakhala zoona. Coyamba, payenera kudziwika ngati mwalawo unali ndi mtovu pa ciyambi. Caciwiri, mwalawo uyenera kukhala monga nkhokwe yomata bwino, imene simunalowe kanthu ndipo simunatuluke kanthu kuyambira tsiku lomata.

Nkhokwe yotere ndi kamwala kochedwa zikoni, kamene kukula kwake kawiri-kawiri sikaposa kambeu ka mcenga wosalala. Pamene thanthwe losungunuka lizizira pansi pa nthaka, zikoni amera m'kati mwake nalandira yureniyamu pang'ono, koma mtovu aukana cifukwa atomu ya mtovu siikwana bwino m'malo ake. Motero pafupi-fupi mtovu wonse wopezeka mu zikoni lero unabadwira momwemo. Wotsala wocepawo uzindikirika ndi mtovu wa mtundu wa 204, umene subadwa kucokera ku yureniyamu. Ukapezeka, akatswiri adziwa kuti munalowa mtovu wacilendo ndipo aucotsera pa cowerengero.

Nchito yopeza tizikoni njotopetsa. Mwala uphwanyidwa nuperedwa, ufa wake utsukidwa kuti zopepuka zipite ndi madzi, maginito acotsa za citsulo, ndipo zotsala zithiridwa m'mankhwala a madzi olemera kwambiri m'mene zikoni amira pamene zina ziyandama. Pambuyo pake munthu asankha timiyalato kamodzi-kamodzi poyang'ana ndi galasi lokuza zinthu, natimata m'phula louma, natipala kufikira pakati pake paoneka. Makina a masiku ano abowola kadontho kocepa kuposa kunenepa kwa tsitsi, nawerenga maatomu otulukamo. Kupima kadontho kamodzi kokha nkofunika, cifukwa zikoni wina ali ndi mtima wakale umene unacokera ku thanthwe lina, ndipo khungu lokha ndilo latsopano. Wopera kamwala konse pamodzi apeza zaka zosakanizika zimene siziri za mtima, siziri za khungu.

MBONI ZIWIRI M'KAMWALA KAMODZI

Cimene cikweza njira iyi pamwamba pa zinzake ndi cakuti yureniyamu ali wa mitundu iwiri. Wa 238 abala mtovu wa 206. Winayo, wa 235, abala mtovu wa 207 ndipo afulumira: theka lake litha m'zaka 704 miliyoni. M'kamwala kamodzi muli tsono makoloko awiri oyenda pa liwiro losiyana, amene anayamba tsiku limodzi.

Mu zikoni wa zaka 883 miliyoni amene sanataye kanthu, pa maatomu 1,000 alionse otsala a yureniyamu 238 payenera kupezeka maatomu 147 a mtovu wobadwa kwa iwo. Pa maatomu 1,000 otsala a yureniyamu 235 payenera kupezeka 1,386. Ziwerengero ziwirizi zikapezeka pamodzi, mboni zagwirizana ndipo mlandu watha.

Tsono tiyerekeze kuti kamwala kena ka m'thanthwe lomwelo kanang'aluka, ndipo madzi a pansi anakokolola theka la mtovu wake posacedwapa. Izi zicitika kawiri-kawiri, pakuti yureniyamu posanduka avulaza nyumba yake yomwe, ndipo zikoni wokhala ndi yureniyamu wambiri afumbwa m'kati monga cimanga colowa anankafumbwe. M'kamwala kotere mutsala maatomu 73 m'malo mwa 147, ndi 693 m'malo mwa 1,386. Koloko yoyamba idzanena zaka 457 miliyoni, yaciwiri idzanena 535 miliyoni. Zonse ziwiri zanama, koma zanama mosiyana, ndipo kusiyanako ndiko kucenjeza wopima kuti nkhokwe inabooka.

Ngakhale pamenepo zaka zeni-zeni sizinatayike. Madzi sasankha mtovu wa 206 kapena wa 207, atenga yonse mofanana, cotero kucuruka kwa wina poyerekeza ndi mnzake kukhala monga kale. Akapima timiyala tambiri, tina totaya zambiri, tina zocepa, nalemba zotuluka zake pa pepala la mizere, madontho ake afola pa mzera umodzi umene uloza ku zaka zoona. Njira yolembera motere anaikonza Bambo George Wetherill mu 1956.

KOLOKO YA MPWEYA

Njira inayo igwiritsa nchito potasiyamu, amene alimi amdziwa ndi cilembo K pa thumba la feteleza. Mwa maatomu 10,000 a potasiyamu, imodzi yokha ndiyo ya mtundu wa 40 umene usanduka, ndipo theka lake litha m'zaka 1,250 miliyoni. Mwa 100 osanduka, pafupi-fupi 11 akhala mpweya wochedwa agoni, otsalawo akhala kasiyamu amene sawerengedwa. Potasiyamu ali m'miyala yambiri, maka-maka mu maika, mwala wonyezimira wosendeka ngati pepala umene kale unali kukumbidwa ku Lundazi.

Agoni sagwirana ndi cinthu ciliconse. Mwala ukasungunuka iye athawa, ndipo koloko iyambira pa ciyambi. Uwu ndiwo ubwino wake, ndiponso ndiko kufooka kwake, pakuti mwala sufunika kusungunuka kuti agoni atuluke. Maika wakuda ayamba kudontha akatentha kupitirira madigiri 300, pamene zikoni asunga mtovu wake ngakhale pa madigiri 800. Kutentha kwa madigiri 300 kupezeka pa makilomita khumi kapena kuposapo pang'ono pansi pa mapazi athu.

Izi ndizo zinaonekera miyala ya kumigodi. Patapita zaka zoposa 300 miliyoni gilaniti ya Nchanga itauma, zigawo za dziko zinakankhana, miyala inapindika nikwiririka mozama, nitentha. Maika wina anamera watsopano pa nthawiyo, ndipo wakale anataya agoni wake. Koloko yake inayamba kuyenda pamene miyalayo inazizira. Maika wa zaka 883 miliyoni akanakhala ndi maatomu 66 a agoni pa 1,000 alionse a potasiyamu 40. Wa zaka 500 miliyoni ali ndi 33. Wopima akapeza 33 alibe mboni yaciwiri m'kati mwa mwalawo yomuuza ngati ena 33 anathawa kapena sanabadwe konse.

Zaka za pafupi-fupi 500 miliyonizi zinapezeka m'miyala ya maiko ambiri a mu Afrika, kotero kuti mu 1964 Bambo W. Q. Kennedy anazindikira kuti panali nyengo imodzi ya kutentha ndi kupindika kwa miyala imene inakhudza mbali yaikulu ya Afrika. Koloko ya agoni inanena zoona za nyengo imeneyo, ngakhale kuti miyala yambiri inali yakale koposa.

Nthawi zina cilema cake cikhala ca mbali ina. Phiri la moto la Hualalai ku Hawaii linalavula thanthwe losungunuka m'zaka za 1800 ndi 1801, koma zidutswa za miyala ya pansi zimene zinatengedwa m'thanthwelo osasungunuka zinapereka zaka mamiliyoni ambiri, popeza zinabwera ndi agoni wakale. Agoni alinso mu mpweya umene tipuma, gawo limodzi mwa 100, ndipo amamatira pa mwala uliwonse. Uyu yekha ndiye wosabvuta kumcotsera, cifukwa ayenda pamodzi ndi agoni wa mtundu wa 36 pa mlingo wodziwika.

KUSANKHA

Mwala ukakhala wakale kwambiri, kawiri-kawiri unatenthedwapo kamodzi kapena kangapo m'moyo wake. Cifukwa cace wofuna tsiku la kubadwa kwa thanthwe la zaka mamiliyoni mazana kapena zikwi ayamba wafuna zikoni. Kamwala kakale koposa tonse todziwika pa dziko lapansi ndi ka zikoni, ka ku Jack Hills kumadzulo kwa Australia, kamene mu 2001 kanalengezedwa kuti kali ndi zaka 4,404 miliyoni. Thanthwe limene kanabadwiramo linatha kale-kale, ndipo iko kanapezeka m'mcenga wouma wa nyengo ina.

Koma zikoni sapezeka paliponse. Miyala yakuda yotuluka m'mapiri a moto, monga ija ya pa mathithi a Mosi-oa-Tunya, kawiri-kawiri ilibe zikoni wokwanira. Pamenepo agoni ndiye athandiza, maka-maka mwa njira yatsopano yotenthetsa mwala pang'ono-pang'ono ndi kupima mpweya wotuluka pa sitepe iliyonse. Masitepe ambiri otsatana akapereka zaka zofanana, cowerengero cikhulupirika. Akasiyana-siyana, mwalawo unasokonezeka. Mwa njira imeneyi miyala ya pa mathithiwo inapezeka kuti ili ndi zaka pafupi-fupi 180 miliyoni, ndipo popeza siinakwiririkenso mozama citaumire, tsiku la kuzizira kwake ndilo tsiku la kubadwa kwake.