Mphete ya Golide ndi Yongokutidwa ndi Golide: Kusiyana Kwake ndi Kasamalidwe

Mphete, ndolo ndi matcheni a m'khosi amene amanyezimira mwachikasu amapangidwa m'njira ziwiri. Ena amakhala a chitsulo chimodzimodzi kunja ndi mkati momwe, pomwe ena amapangidwa ndi chitsulo chotsika mtengo, monga bulasi kapena kopa, n'kukutidwa pamwamba ndi golide wochepa kwambiri. Zikakhala zatsopano zimafanana ndithu, ndipo n'chifukwa chake mawu amene wogulitsa wasankha pozifotokoza amayenera kukhala olondola.

Golide weniweni ndi wofewa, choncho amasakanizidwa ndi siliva kapena kopa kuti alimbe. Kuchuluka kwake kumayezedwa m'makarati, ndipo wosasakaniza ndi wa makarati 24. Kachidindo kamene kamakhala mkati mwa mphete, kapena pokolowekera tcheni, kamanena magawo a golide pa magawo 1,000 alionse: 375 ndi makarati 9, 585 ndi makarati 14, ndipo 750 ndi makarati 18. Pa siliva nambala yodziwika ndi 925, kutanthauza kuti magawo 75 otsalawo ndi chitsulo china, kawirikawiri kopa.

Tizilembo totsatira nambala ndi timene anthu ambiri amatilumpha. Mphete yodindidwa 18K GP si ya golide wa makarati 18, koma ndi yongokutidwa naye. Kusiyana kwake kumaoneka bwino pa mphete ziwiri zolemera magalamu 4 iliyonse. Yodindidwa 750 ili ndi magalamu 3 a golide. Yodindidwa 18K GP, ngati golide wake ndi wochindikala theka la maikiloni, monga zimakhalira pa zambiri zotsika mtengo, ili ndi golide wosakwana gawo limodzi mwa magawo 100 a galamu. Tsitsi limodzi la munthu ndi lochindikala kuposa golide ameneyu maulendo oposa 100. Chidindo cha GF chimasonyeza golide wochindikala kwambiri kuposa pamenepo, amene amamatidwa pa bulasi ndi moto ndiponso kupanikiza, ndipo amakhalitsa zaka, komabe mkati mwake ndi bulasi.

Chinthu chokutidwa chilibe vuto. Ndi chokongola, ndipo anthu ambiri amachikwanitsa kugula. Cholakwika ndi kuchitchula kuti "mphete ya golide" basi. Kufotokoza koona kumayamba ndi chitsulo cha mkati, kenako cha pamwamba: "mphete ya bulasi yokutidwa ndi golide wa makarati 18". Mawu akuti "siidzasuluka" sayenera kunenedwa pa mphete yotere, chifukwa ikamavalidwa tsiku ndi tsiku golide amatha, kuyambira m'mphepete ndi mbali ya kuchikhato kumene imakhudzana ndi ndowa, khasu kapena chitseko. Ndolo zimachedwa kusuluka poti sizikhulana ndi chilichonse.

Chidindo pachokha si umboni wokwanira, pakuti achinyengo nawonso amadinda. Maginito amathandiza pang'ono chabe: chinthu chikakokedwa ndiye kuti mkati muli chitsulo wamba, koma bulasi ndi kopa sakokedwa, mofanana ndi golide. Chala chikasanduka chobiriwira ndiye kuti kopa wakumana ndi thukuta, zimene zimachitika kwambiri golide wa pamwamba akatha. Mtundu wobiriwirawo umachoka ndi sopo. Kuyabwa ndi tizilonda pakhutu ndi nkhani ina, ndipo nthawi zambiri kumachokera ku chitsulo cha nikelo. Yankho lotsimikizika amapereka ndi mmisiri wa zagolide, amene amayeza ndi asidi kapena ndi makina.

Siliva akada, ambiri amaganiza kuti anawapusitsa, koma ngakhale siliva weniweni amathimbirira. Chimene chimamudetsa ndi sulufule, amene amapezeka mumpweya, m'mazira, mu anyezi ndi m'malabala omangira ndalama. Kudako kumakhala pamwamba pokha. Pokuchotsa, munthu amayala pepala la aluminiyamu m'mbale, n'kuthiramo kapu imodzi ya madzi otentha ndi supuni imodzi yaikulu ya soda. Siliva amaikidwa mokhudza pepalalo kwa mphindi zochepa, kenako amatsukuluzidwa ndi kupukutidwa mpaka kuuma. Njira imeneyi siyenera pa zinthu zokhala ndi ngale kapena miyala yomata ndi guluu, ngakhalenso pa siliva amene mmisiri anamudetsa dala m'mizere kuti zojambula zioneke.

Zokutidwa zimafuna dzanja lofewa koposa. Phulusa, mchenga ndi mankhwala otsukira mano, zimene zimawalitsa mapoto, zimapala golide wopyapyalayo n'kusiya bulasi pamtunda. Madzi ofunda a sopo pang'ono ndi kansalu kofewa n'zokwanira. Zodzikongoletsera zonse zimayenera kuvulidwa pochapa ndi mankhwala oyeretsera zovala a kolorini, amene amawononga siliva ndiponso amafooketsa golide wosakaniza, ndipo zivalidwe mafuta odzola ndi perefyumu zitauma kale. Zimasungika bwino chilichonse m'kathumba kake kotseka, pamalo ouma, makamaka m'nyengo ya dzinja pamene chinyezi chimafulumizitsa kuthimbirira. Golide wa pamwamba akatha, kupukuta sikungamubwezeretse, ndipo chotsala ndi kupita nacho kwa mmisiri kuti akachikutenso.