Malire a panyanja amayambira pagombe

Ntchito yanga ndi ya malamulo a malire a nyanja zamchere, ndipo anthu amakonda kundifunsa kuti madzi timawagawa bwanji poti sungazikemo chikhomo. Ndimawayankha kuti muyeso wonse umayambira pagombe.

Pangano la mayiko la 1982 lokhudza nyanja limati tiyambire pamene madzi amalekezera akaphwera, monga mapu ovomerezeka a dzikolo akusonyezera. Kuchokera pamenepo, mamailosi a panyanja 12 oyamba ali m'manja mwa dzikolo ngati nthaka yake. Kupitirira apo mpaka mamailosi 200, omwe ndi pafupifupi makilomita 370, dziko limangokhala mwini wa chuma: nsomba, mafuta ndi gasi wa pansi pa nyanja. Zombo za eni zimadutsamo osapempha chilolezo, koma kuponya ukonde ayi.

Mkangano umabuka mayiko awiri akagundana gombe. Kenya ndi Somalia anakanganirana dera la masikweya kilomita pafupifupi 100,000 m'nyanja ya Indiya, komwe akuganizira kuti kuli mafuta. Malire awo a pamtunda amafika kunyanja pafupi ndi Ras Kamboni. Kenya inkati kuchokera apo mzere ulunjike kum'mawa, monga unachitira wa pakati pa iyo ndi Tanzania. Somalia inkati mzere upite chakum'mwera kwa kum'mawa, motsata mmene gombe lakhalira, ndipo mu 2014 inakasuma ku khoti la mayiko onse ku Hague.

Oweruza anayamba ndi kusankha nsonga za gombe mbali zonse ziwiri, n'kujambula mzere wotalikirana mofanana ndi magombe awiriwo. Tizilumba ting'onoting'ono ta kufupi ndi malirewo anatisiya dala, chifukwa kanthaka kochepa kangathe kukhotetsa mzere n'kulanda mnzako dera lalikulu kutali uko. Atatero anaona kuti gombe la Kenya lili mkati mwa chigawo cholowa ngati uta, Somalia kumpoto, Tanzania ndi chilumba cha Pemba kum'mwera. Mizere ya mbali ziwirizi ikanamka nipanikiza madzi a Kenya, choncho anaukankhirako mzerewo chakumpoto. Pomaliza anayerekeza utali wa magombe ndi kukula kwa madzi amene aliyense walandira, kuti pasakhale kusiyana koonekeratu.

Chigamulo chinatuluka pa 12 Okutobala 2021, ndipo gawo lalikulu linapita kwa Somalia. Kenya, imene inakana kukaonekera pomva mlanduwo, inati sichivomereza. Ine ndimaona kuti oweruza anatsata njira yoyenera, koma mtima wanga uli kwa asodzi a ku Lamu ndi Kiunga. Kenya inawatchula m'mapepala ake, khoti n'kunena kuti umboni wosonyeza kuti mzerewo uwawonongera moyo sunali wokwanira kuusuntha.