Chikasu chonama pansi pa maikulosikopu

Mu 1962, Osamu Shimomura analengeza kuti wapeza puloteni yowala mobiriwira m'kanyama kam'nyanja kotchedwa Aequorea victoria. Puloteniyo, GFP, inamupezetsa mphoto ya Nobel mu 2008 pamodzi ndi Martin Chalfie ndi Roger Tsien. Lero ofufuza amalumikiza jini yake ku jini ya puloteni imene akuifunafuna, ndipo selo limapanga puloteniyo itanyamula kale nyali yakeyake.

Vuto limadza nyali zikakhala ziwiri. Tinene kuti wofufuza akufuna kudziwa ngati puloteni ina imakhala m'mitokondiriya, tizigawo timene timapatsa selo mphamvu. Puloteniyo amaiveka EGFP yobiriwira, mitokondiriya n'kuiveka mCherry yofiira. Kompyuta ikasanjikiza zithunzi ziwirizo, pamene mitundu yakumana pamaoneka chikasu.

Koma chikasucho chikhoza kunama. Kuwala amakuyeza m'mananomita: EGFP imawala kwambiri pa 507, mCherry pa 610. Komabe kuwala kwa EGFP sikuthera pa 507 pomwepo, kumazilala pang'onopang'ono mpaka kupitirira 600, ndipo kwina kumadutsa sefa ya chithunzi chofiira. Zobiriwira zikakhala zowala zedi, zofiira zili zofooka, wofufuza amakweza mphamvu ya kamera kuti aone zofiirazo, n'kukweza nazo limodzi zodonthazo. Mwachitsanzo, zobiriwira zikamawerenga 2,000, ndipo magawo 5 pa 100 akudonthera kwinako, chithunzi chofiira chimaonetsa 100 pamalo opanda mCherry n'komwe.

Chizindikiro chake n'chakuti chithunzi chofiira chimangokhala mthunzi wa chobiriwira, kadontho kalikonse pamalo pake. Umboni weniweni umachokera ku maselo ovekedwa EGFP yokha, ojambulidwa popanda kusintha chilichonse pamakina. Akaoneka m'chithunzi chofiira, ndiye kuti kuwala kukudontha. Sitepe imeneyi imadya mbale imodzi ya maselo ndi mphindi zochepa, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ndi imene anthu amailumpha akamafulumira.

Kupewa kumayamba posankha nyali. EGFP ndi EYFP, imene imawala pa 527, n'zoyandikana kwambiri moti sefa wamba sangazilekanitse. DsRed yoyambirira, yochokera ku zamoyo za m'matanthwe a m'nyanja, imayamba yawala mobiriwira isanakhwime n'kufiira, choncho imasokoneza chithunzi cha inzake. mCherry, yomwe inatuluka m'labotale ya Tsien mu 2004, ndi imene ambiri amaiphatikiza ndi EGFP. Kenako pamabwera kajambulidwe ka kamodzikamodzi: kuyatsa leza ya 488 yokha n'kujambula zobiriwira, kuizimitsa, kenako kuyatsa ya 561, imene siidzutsa EGFP kwenikweni.

Ngakhale chikasu chenicheni chili ndi malire. Maikulosikopu wamba ya kuwala silekanitsa zinthu zoyandikana kuposa mananomita pafupifupi 200, pomwe GFP payokha ndi yaitali mananomita 4 okha. Chikasu chimangonena kuti mapuloteni awiri ali dera limodzi. Kuti akugwirana, pamafunika kuyesa kwina.