Kabatire kakang'ono kamene kangakutsekereni kunja kwa kompyuta yanu

Mkati mwa kompyuta ya pa desiki muli kabatire kozungulira, kofanana ndi kandalama kachitsulo. Pamwamba pake pamalembedwa CR2032 ndi 3V, ndipo n'kotambalala mamilimita 20, kochindikala mamilimita 3.2. Amisiri amakatchula kuti batire ya CMOS. Ntchito yake ndi kuyendetsa wotchi ya kompyuta pamene magetsi palibe, komanso kuthandiza bolodi kuti isataye zimene inauzidwa zokhudza kayakidwe kake. Kamakhala zaka zingapo, koma kamatha msanga ngati kompyuta imakhala nthawi yaitali itazulidwa ku magetsi. Makompyuta akaunjika amene timagula ambiri amafika atagona kale miyezi m'nyumba zosungiramo katundu, kenako n'kudzapeza kuzimazima kwa magetsi kwa kuno.

Kale kabatireka kakafa, vuto linali laling'ono. Deti limabwerera zaka m'mbuyo, munthu n'kulikonza, ntchito n'kupitirira. Masiku ano nkhani yakula chifukwa madiski ambiri ndi okhomedwa ndi pulogalamu ya Windows yotchedwa BitLocker, imene imasokoneza zolembedwa zonse pa diski kuti wakuba asaziwerenge. Anthu ena sadziwa n'komwe kuti diski yawo ndi yokhoma, poti pa makina ambiri atsopano loko ameneyu amadziyatsa yekha munthu akangolowa ndi akaunti ya Microsoft, ndipo kuyambira pa Windows 11 24H2 ya mu 2024 makina amene amachita zimenezi achuluka.

Kiyi wotsegulira diskiyo amatetezedwa ndi katchipi kotchedwa TPM. Kompyuta ikamayaka, TPM imalemba mmene zinthu zayendera: pulogalamu ya bolodi, imene timaitcha BIOS kapena UEFI, ili bwanji, Secure Boot ndi yoyaka kapena yozima, nanga chimene chikudzutsa Windows ndi chomwe chija kapena china. Zonse zikafanana ndi mmene zinalili tsiku lokhoma diski, TPM imamasula kiyi mwakachetechete ndipo mwini saona kanthu. Chimodzi chikasintha, imakana. Siidziwa kusiyanitsa mbava imene yasintha BIOS ndi batire limene latha. Mabolodi ambiri akazindikira kuti wotchi inatha mphamvu, amabwezera zonse mmene zinalili pochoka ku fakitale, ndipo kusintha kumeneko n'kokwanira kuti TPM ikane.

Tiyerekeze ofesi yaing'ono ya zowerengera ndalama imene ili ndi Dell OptiPlex yakaunjika. Amene anaikonza anaikamo Windows diski ili pa AHCI, anayatsa Secure Boot, kenako anakhoma diskiyo. Ofesi yatseka pa Khirisimasi, pulagi yazulidwa poopa mphezi, ndipo mu Januwale kalaliki akuyatsa makina. Choyamba kuoneka ndi mawu oyera pa sikirini yakuda:

```
Time-of-day not set - please run SETUP program
```

Iye akudina F1 kuti zipitirire, monga amachitira aliyense. Apo pakubwera sikirini ya buluu yolembedwa BitLocker recovery, yofuna manambala 48. Abwana akufufuza m'madirowa, akulipeza pepala la manambalawo, akuwalemba, ndipo mtima ukukhala pansi. Koma Windows ikungoyamba kuzungulira pang'ono n'kugwa ndi uthenga wina: `INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE`.

Apa m'pamene anthu ambiri amataya mtima n'kugamula kuti diski yapsa. Siinapse. Pachitika zinthu ziwiri zosiyana zochokera ku gwero limodzi. Kusintha kwa Secure Boot ndi kumene kwachititsa TPM kukana kiyi. Ndipo njira yolankhulirana ndi diski, imene pa makina ambiri a Dell imachoka ku fakitale ili pa RAID On, yachoka pa AHCI kubwerera komweko. BIOS imatha kuwerenga diski m'njira zonse ziwiri, n'chifukwa chake manambala aja analandiridwa. Windows yokha ndi imene ikulephera, chifukwa inakonzedwa kuti idzuke kudzera pa AHCI.

Chizindikiro chodalirika ndi wotchi. Lowani mu BIOS, pa Dell podina F2 makina akamayaka, muone deti. Likakhala la zaka zapitazo, konzani, zimitsani, zulani pulagi kwa mphindi zingapo, muyatsenso. Likabwereranso m'mbuyo, wolakwa wapezeka. Mmisiri amene ali ndi mita akhoza kuliyeza batirelo: latsopano limaonetsa kupitirira pang'ono 3V, ndipo limene latsika kwambiri pansi pa pamenepo n'lofunika kutaya.

Pokonza, dongosolo lake n'lofunika. Yambani ndi batire, chifukwa mukayamba ndi BIOS zonse zidzafufutikanso magetsi akangothima. Pa kompyuta ya pa desiki, zulani pulagi, tsegulani chivundikiro, kankhani kachitsulo kogwira batire, ikani latsopano mbali ya + ili pamwamba. Malaputopu ndi ovutirapo, poti m'ambiri kabatireka kamakulungidwa m'pulasitiki n'kukhala ndi kawaya kake, ndipo ena alibiretu, amadalira batire lalikulu. Mukatero lowani mu BIOS, konzani deti ndi nthawi, bwezani diski pa AHCI, onetsetsani kuti makina akuyakira pa UEFI osati Legacy, yatsani Secure Boot, ndipo onani ngati TPM ndi yoyaka. Pa makina ena imalembedwa PTT kapena fTPM. Zonse zikabwerera mmene zinalili, nthawi zambiri Windows imadzuka osafunsanso manambala, chifukwa zimene TPM imasunga sizidalira kabatire kaja.

Pafupi ndi pamene mumayatsira TPM pali mawu akuti Clear, kapena Clear TPM. Musawakhudze. Amafufuta zimene katchipiko kasunga, ndipo mukatero chotsala ndi manambala 48 aja basi. Ngati mulibe, mafayilo apita, ndipo ngakhale a Microsoft eni ake sangawabweze. Chenjeraninso ndi mmisiri wothamangira kunena kuti "tingoifomata." Mwa maganizo anga, mmisiri amene wanena zimenezi asanayang'ane deti la mu BIOS si woyenera kumusiyira makina a ofesi.

Manambalawo amakhala m'magulu 8 a manambala 6. Ngati diski inakhomedwa munthu atalowa ndi akaunti ya Microsoft, amapezeka pa `aka.ms/myrecoverykey`, ndipo mukhoza kutsegulapo ndi foni. Sikirini ya buluu ija imaonetsa Key ID, yokuthandizani kusankha kiyi woyenera ngati alipo angapo. Makina a kampani, kiyi wake amakhala ndi oyang'anira makompyuta a kampaniyo.

Windows ikadzuka koma n'kumafunsabe manambala tsiku lililonse, tsegulani Command Prompt ngati Administrator, mulembe malamulo awiri awa motsatizana, kuti BitLocker ivomereze mmene makina alili tsopano:

```
manage-bde -protectors -disable C:
manage-bde -protectors -enable C:
```

Lamulo loyambalo n'lothandizanso posintha batire lisanafe: jambulani kaye masamba a BIOS ndi foni, imitsani loko, kenako zimitsani makina n'kusintha batire. Ndipo ngati kompyuta yanu ikuyaka bwino lero, lembani `manage-bde -protectors -get C:` pamalo omwewo. Manambala 48 akatuluka, akopereni papepala, mulisunge pamene mumasunga zikalata zofunika, osati m'fayilo ya pa diski yokhomayo.