Nambala ya foni yapita kuti pa positi yanu?

Ntchito yanga ndi yokonza zithunzi zotsatsa malonda, ndipo dandaulo limene ndimalimva kawirikawiri ndi lakuti Instagram yadya mawu. Munthu waika zithunzi zisanu zotsatizana mu positi imodzi, zija timazipalasa ndi chala, zimene pa ntchito pathu timazitcha karoselo. Pa foni yake zinali bwinobwino, koma zitakwera, mutu waduka pakati ndipo nambala ya foni kulibe.

Chimachitika n'chakuti zithunzi zonse za mu karoselo zimalowa m'felemu imodzi, ndipo mwachizolowezi chithunzi choyamba ndicho chimalamula kukula kwa felemuyo. Chikakhala cha sikweya, zinzake zonse zimadulidwa kuti zikhale sikweya. Pulogalamuyo siwerenga zimene mwalemba. Imasunga pakati n'kutaya m'mphepete, kumene ife timakonda kuikako tsiku, malo ndi nambala.

Tiyeni tiwerengetsere ndi chitsanzo. Kwaya ikukhazikitsa chimbale, ndipo mlembi wakonza chithunzi choti aike pa sitetasi ya WhatsApp. Chotere chimakhala cha mapikiselo 1080 m'lifupi ndi 1920 m'litali. Pa Instagram, felemu yoimirira ya 4:5 ndi ya 1080 ndi 1350 basi. Ndiye kuti mapikiselo 570 alibe pokhala: 285 achoka pamwamba, 285 achoka pansi. Koma ngati mlembiyo wayamba ndi chithunzi cha sikweya cha oimba, felemu ikhala ya 1080 mbali zonse, ndipo kudzaduka 420 pamwamba ndi 420 pansi. Dzina la kwaya lapita, mtengo wa pakhomo wapitanso, kwatsala nkhope zomwetulira zosanena kuti mwambo uli kuti. Ngakhale chithunzi chokonzedwera pepala la A4 sichipulumuka, chifukwa pa m'lifupi mwa 1080 chimatalika pafupifupi 1527.

Ena amakankhira chithunzi m'mwamba ndi chala kuti nambala ioneke. Ioneka ndithu, koma mutu ndiye watheratu, popeza felemu sinakule.

Ine ndimayambira pa 1080 ndi 1350, ndipo tsamba lililonse la karoselo limakhala la muyeso womwewo, popanda lina losiyana. Ndisanalembe chilembo ngakhale chimodzi, ndimajambula mizere yondilondolera. Mu Canva mizereyi imabwera mukatsegula Show rulers and guides. Mzere wina ndimauika pa mapikiselo 200 kuchokera pamwamba, wina 200 kuchokera pansi, ndipo m'mbali ndimasiya 100 uku ndi uku. Pakatipo pamatsala bokosi la 880 ndi 950, ndipo mawu onse amakhala mmenemo. Kunja kwake ndimaikako mtundu, maluwa, kapena mapewa a oimba, zinthu zoti zitaduka palibe angadandaule.

Manambalawa sindinangowatola. Chithunzi cha 1350 chikadulidwa kukhala sikweya chimataya 135 pamwamba ndi 135 pansi. Otsala 65 ndi mpata wopumira, chifukwa mawu ogunda m'mphepete amaoneka oduka ngakhale ali athunthu. Komanso pakona yapamwamba kudzanja lamanja pamabwera kanambala kosonyeza tsamba, monga 1/5, kamene kamaphimba chilichonse chili pamenepo.

Za m'mbali zili ndi nkhani yake. Kumayambiriro kwa 2025 Instagram inasintha tizithunzi ta pa tsamba la mwini akaunti, kuchoka pa sikweya kupita pa 3:4. Chithunzi cha 4:5 chimadulidwako pang'ono pamenepo, mapikiselo pafupifupi 34 mbali iliyonse. Cha sikweya ndiye chimavulala: chikadzaza kafelemuko, pa 1080 paja pamaoneka 810 okha, 135 apita kumanzere, 135 kumanja. N'chifukwa chake mapositi akale a mabizinesi ambiri lero ali ndi mitu yosowa chilembo choyamba ndi chomaliza. Izi zimakhudza tsamba loyamba lokha, popeza ndilo limaoneka pamenepo, choncho mutu wake ndimaupanikiza kuposa wa masamba enawo.

Bokosi likachepa, chiyeso chimakhala chochepetsa zilembo kuti zonse zikwane. Sindigwirizana nazo. Masamba alipo okwanira, mpaka 20, ndiye tsiku ndi malo zipite pa tsamba lachiwiri, nambala ya foni pa lomaliza, pakatikati. Ndipo masitayilo aja olemba liwu limodzi lodutsa masamba awiri asiyeni kwa zithunzi, chifukwa wowerenga amaona tsamba limodzi pa nthawi.

Nanga chithunzi cha kwaya chija, poti chakonzedwa kale ndipo fayilo yake yoyambirira inasowa? Chichepetseni chonse mpaka chitalike 1350. M'lifupi chidzakhala pafupifupi 760, ndipo mipata ya 160 yotsala uku ndi uku muidzaze ndi mtundu wofanana ndi wa chithunzicho. Sichikongola kwenikweni, ndipo zilembo zimachepa, koma nambala ikhalapo. Musanatumize, palasani masamba onse mmene akuonekera m'felemu, ndipo muyang'anitsitse mzere woyamba ndi womaliza wa tsamba lililonse.