Mboni Inati “Ngati”, Musafufute

Mayi wina wauza wapolisi kuti, “Ndinaona munthu ngati mwana wa achimwene akutuluka m'khola, kunja kutayamba kuyera.” Wowerenga chikalatacho kuti akonze zolakwika walemba kuti, “Ndinaona mwana wa achimwene akuba mbuzi 5 koloko m'mawa.”

Apa waononga umboni. Mayiyo anali kukayika, n'chifukwa chake anati “ngati”. Sanaone wotchi, ndipo kutuluka m'khola si kuba. Tsiku la mlandu, loya akadzamufunsa za 5 kolokoyo, mayiyo adzaoneka wabodza pa mawu amene sananene.

Zoyenera kukonza n'zochepa: chilembo chosowa, mpumiro, tsiku lolembedwa molakwika. Pamene sipakumveka, bwererani kwa mwiniwake mukamufunse. Mukatero mumuwerengere zonse mokweza, ndipo asayine pambali pa mzere uliwonse umene mwasintha.